Mtsikana wa ndowa ziwiri: nthano ya ana yonunkha nsomba

Nthano zambiri zophunzitsa ana ukhondo zimakhala ndi mwana amene amaima pakati pa akuluakulu n'kuyamba kuwalalikira, iwo n'kuomba m'manja. Mwana wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota sangakhulupirire zimenezo, chifukwa amadziwa chimene chimachitikira mwana wolangiza agogo ake pagulu. Nthano ya mtsikana amene anaphunzitsa msika wa kwawo kulekanitsa zotsalira za nsomba ndi zinyalala zouma ingawafike ana pamtima pokhapokha mtsikanayo atapambana poonetsa ndi manja, ndiponso ngati zimene akuchitazo zingathekedi pamsika weniweni.

Nthanoyo imayenda motere. Padangokhala mtsikana wa Sitandade 5 amene Loweruka lililonse ankathandiza agogo ake kugulitsa chambo ndi kampango pamsika wa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Ogula ankapempha kuti awapalire mamba ndi kuwatumbulira nsombazo. Matumbo, mamba ndi zipsepse zonse zinkapita kudzala la kuseri kwa msika, kumene kunkatayidwanso majumbo, makatoni, mabotolo, makoko a mtedza ndi udzu umene nsomba zinabweramo. Dzuwa likafika paliwombo, fungo linkathamangitsa anthu, ndipo mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi dzalalo ankabwerera nazo kunyumba.

Mwana akafunsa chifukwa chake dzalalo linkanunkha chonchi, wokamba nthano akhale ndi yankho loona. Matumbo a nsomba amakhala ndi madzi ambiri komanso tizilombo tosaoneka ndi maso timene timayamba kuwaoletsa nsombayo ikangofa, ndipo kukatentha ntchito imeneyi imatenga maola ochepa chabe. Ntchentche zimaikira mazira pamenepo, mazirawo amaswa mphutsi pasanathe tsiku, ndipo m'nyengo yotentha pamangopita masiku 7 mpaka 10 kuti dzira lisanduke ntchentche youluka. Ndiye kuti matumbo otayidwa Loweruka lino ndiwo akubereka ntchentche zodzatera pa zitumbuwa sabata yamawa. Ntchentche yomweyo imapita kuchimbudzi n'kubwera pachakudya, itanyamula tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba.

Kusakanizako kumaononganso zouma. Katoni youma munthu angaikemo tomato, botolo loyera angathiremo thobwa kapena mafuta, koma zikangonyowa ndi madzi a nsomba palibenso amene angazitole. Jumbo nayo imakuta matumbo, mpweya osalowa, ndiye amaola pang'onopang'ono ndi fungo loipitsitsa. Osesa msika akati atenthe dzalalo, moto sugwira bwino chifukwa cha chinyezi: limangofuka utsi wa pulasitiki, umene ndi woipa m'chifuwa, matumbo aja ali pomwepo.

Mtsikana wathuyo sanauze munthu aliyense kuti akulakwitsa. Anangopempha agogo ake kuti: “Agogo, mungandibwereke ndowa yakale ija, ya chivindikiro? Ndikufuna matumbowa ndikakwirire kudimba.” Agogo anaseka, koma anamupatsa. Pansi pa ndowayo anathirapo utuchi wochokera kwa kalipentala kuti uzimwa madzi, ndipo akaponyamo matumbo ankawazapo utuchi wina pang'ono n'kuvindikira. Pambali pake anaika thumba la majumbo ndi mapepala. Pofika masana benchi ya agogo inali ndi ntchentche zochepa kuposa mabenchi ena onse, ndipo ogula anayamba kuima pamenepo. Woyamba kufunsa anali mayi wa zitumbuwa uja: “Iwe mwana, ndowayi wathiramo mankhwala anji?” Mtsikanayo anagwada n'kuyankha kuti: “Mulibe mankhwala, mayi. Ndi utuchi ndi chivindikiro basi.”

Chigawo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha kulephera kwake, ndipo wokamba nthano asachidumphe. Madzulo a tsiku loyamba anakumba kadzenje kosaya, n'kukhuthuliramo ndowa yonse, n'kukwirira. Kutacha anapeza agalu afukula, matumbo ali mbwee m'dimba monse, akhwangwala akulimbirana. Anyamata a pamsika anamuseka. Agogo ake ndiwo anamuuza kuti dzenje lifike m'mawondo kapena kupitirira, masentimita 50 kapena 60, ndipo pamwamba pake aikepo miyala kapena nthambi zaminga. Apa mwana womvetsera amaona kuti nzeru za mtsikanayo zinafunika kukumana ndi za agogo, ndipo akuluakulu omvera nawo nthanoyi sachita nayo manyazi.

M'dzenjemo ndi mmene muli chinthu chimene ana ochenjera amachigwira msanga. Mtsikanayo ankayala udzu wouma, makoko a mtedza kapena mankhusu a mpunga pansi, kenako matumbo, kenako zouma zina, pomaliza dothi. Pa ndowa imodzi ya nsomba ankaika ndowa pafupifupi zitatu za zouma. Mwana wina amafunsa ndithu kuti: nanga tinalekanitsiranji ngati tikusakanizanso? Yankho ndi lakuti zouma zili mitundu iwiri. Pali zochokera ku zomera, zimene zimaola n'kusanduka manyowa, ndipo pali majumbo, mabotolo ndi zitini, zimene sizingaole ngakhale patapita zaka. Nsomba ili ndi nayitirojeni wambiri, chakudya chomwe chija alimi amagula mu feteleza wa yureya, ndipo minga yake ili ndi fosiforasi. Koma payokha imanyowa kwambiri n'kununkha. Udzu ndi utuchi zimamwa madziwo ndi kusiya mipata yolowera mpweya. Kudzala zinthu zinkasakanikirana mwachisawawa, pamene kudzenje munthu ndiye amasankha cholowamo ndi muyeso wake.

Mphuno imauza munthu ngati zalakwika. Dzenje likamanunkha ngati mkodzo, zouma zachepa, ndipo muonjezere udzu kapena utuchi. Likamanunkha ngati dzira loola, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa, zimene zimachitika dzenje likakumbidwa pamalo odikha madzi nthawi ya dzinja. Zikapsa bwino, patapita miyezi iwiri kapena itatu, zimada n'kumamveka fungo la dothi, ngakhale minga ikuluikulu ya kampango imatsalabe.

Nthanoyi ili ndi malire amene tiyenera kuwatchula. Dzenje likhale kutali ndi chitsime kapena mjigo, mamita 30 kapena kuposa. Zotsalira za nsomba zothiridwa mchere wambiri zisachuluke m'menemo, chifukwa mchere umaononga mbewu. Ndowa izikhuthulidwa ndi kutsukidwa tsiku lomwelo, osagona nayo. Mwana asagwire matumbo ndi manja a zilonda, asamale minga ya mlamba ndi kampango imene imabaya koopsa, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Komanso msika wonse sungadalire msana wa mwana mmodzi. N'chifukwa chake kumapeto kwa nthanoyo atcheyamani a msika, ataona mpiru wa m'dimba la agogo, anaitanitsa msonkhano, ndipo amalonda anagwirizana kuti benchi iliyonse ya nsomba ikhale ndi ndowa yovindikira, akuluakulu azisinthana kukakwirira, makatoni ndi mabotolo azisungidwa pouma kuti ofuna azitenga. Mtsikanayo anabwerera ku ntchito yake yowerengera agogo chenje.

Aphunzitsi ndi makolo amene mungakambe nthanoyi, musaithere pakamwa. Tengani mabotolo awiri oonekera mkati, muikemo matumbo a nsomba pang'ono m'lililonse. Limodzi mulisiye lotsekula, linalo muthiremo utuchi n'kulitseka ndi nsalu. Muwaike panja pamthunzi, pamene agalu ndi ana aang'ono sangafike, ndipo pakatha masiku atatu ana akaone okha botolo limene muli mphutsi.