Chimene chimagunda m'paipi mukatseka madzi mwadzidzidzi

Mukatseka mpopi mwachangu n'kumva paipi ikuti gu! m'khoma, ambiri amathamangira kunena kuti mwalowa mpweya. Kawirikawiri wolakwa sakhala mpweya ayi, koma madzi omwewo. Madzi ndi olemera, lita imodzi ndi kilogalamu yathunthu, ndiponso safinyika wamba. Akakhala pa liwiro n'kupeza njira yatsekeka, akutsogolo amaima, akumbuyo n'kuwagunda, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa valavu ndi pa paipi.

Tiyerekeze paipi yachitsulo ya mthirira, yotalika mamita 600 kuchokera pathanki, madzi akuyenda mamita 2 pa sekondi. Kumapeto kwake kuli valavu ya chogwirira, ija imangofuna kukhotetsa kamodzi basi. Mnyamata wa kumunda akaitseka kamodzin'kamodzi, kugundako kumabwerera m'paipi pa liwiro la mamita pafupifupi 1,200 pa sekondi, kukafika kuthanki n'kubwereranso. Masamu ake anawalongosola Nikolai Zhukovsky atayesa mapaipi a madzi ku Moscow cha m'ma 1898: chulukitsani liwiro la kugundako ndi liwiro la madzi, mugawe ndi 9.8. Apa tikupeza 245, kutanthauza kuti kwa kanthawi kochepa paipiyo imapanikizika ngati thanki yakwezedwanso mamita 245 m'mwamba. N'chifukwa chake molumikizira mumayamba kudontha, pokhota n'kuphulika, chikhalirecho thanki ili pomwe inali.

Mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi dzanja lodekha. Ulendo wa kugundako, kupita ndi kubwera, ndi mamita 1,200, ndiye kuti sekondi imodzi. Kutseka kulikonse kosapitirira sekondi imeneyi paipi imakumva ngati kwadzidzidzi, ndipo imalandira mphamvu yonse. Koma madzi akachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masekondi 10, mamita 245 aja amatsika kufika cha m'ma 25. Chenjerani pothera: valavu zambiri zimadula madzi ochuluka zikatsala pang'ono kutsekeka, choncho pamenepo m'pofunika kudekha kwambiri. Ine paipi yaitali chonchi ndingaiikire valavu yopukusa, chifukwa ngakhale munthu waphuma sangaitseke kamodzi.

Kukula kwa paipi nakonso kumathandiza. Ya mainchi 2 m'malo mwa ya inchi imodzi imatsitsa liwiro la madzi kanayi, kugunda nakonso kanayi.

Nanga makina ochapira zovala, amene amadzitsekera okha madzi m'kuphethira kwa diso? Apo dzanja lilibe ntchito. Pulamba amaika kabotolo kachitsulo kokhala ndi mpweya pafupi penipeni ndi valavu, kuti madzi akagunda apeze chofinyika. Kakakhala kachikale, kongokhala kapaipi koimirira kotseka kumwamba, mpweya wake umatha pang'onopang'ono ndipo phokoso limayambiranso. Zikatero tsekani madzi pa mita, tsegulani mipopi yonse mapaipi akhuthuke, kenako mutsegulenso. Kumangirira paipi yogwedera kukhoma kumachepetsa phokoso ndi kugwedezeka, koma kupanikizika kwa m'kati kumakhala kulipobe.