Funso limodzi, njira zitatu zofunsira: chifukwa chake mayankho amasiyana

Kafukufuku wa njira zosakaniza ndi kafukufuku amene mafunso omwewo amafika kwa anthu m'njira zingapo: ena amaimbiridwa foni, ena amayenderedwa pakhomo n'kufunsidwa pamasom'pamaso, ndipo ena amatumiziridwa fomu pa intaneti kuti ayankhe okha. Mabungwe amachita izi makamaka chifukwa cha ndalama. Kutumiza wofunsa kumudzi kumalira galimoto, mafuta ndi malo ogona, pomwe kuimba foni kumangolira mayunitsi. Nchifukwa chake ambiri amayamba ndi njira yotsika mtengo, intaneti, kenako amaimbira foni amene sanayankhe, ndipo otsala ndiwo amawalondola kunyumba.

Kuno ku Malawi foni inakhala njira yodalirika m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti kuyenda khomo ndi khomo kukhale kovuta. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya National Statistical Office, mothandizana ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, inayamba kuimbira foni mabanja amene inawayendera m'chaka cha 2019 ndipo anali atasiya manambala awo. Apa mpamene pamabuka funso lovutitsa aliyense wosakaniza njira: zotsatira za pa foni zikasiyana ndi za pakhomo, kodi ndi moyo wa anthu umene wasiyana, kapena ndi njira yofunsira?

Kusiyanako kumachokera kuwiri, ndipo magwero awiriwa amabisalirana. Gwero loyamba ndi loti njira iliyonse imafikira anthu akeake. Fomu ya pa intaneti imayankhidwa ndi munthu wodziwa kuwerenga, wokhala ndi foni yamakono ndi bandulo. Foni wamba imafika patali kuposa pamenepo, koma imaphonya banja lopanda foni, mudzi umene netiweki imavuta, ndi munthu amene foni yake yakhala yozima kudikira kukatchajitsa pamsika. Komanso m'mabanja ambiri foni imakhala ndi bambo, choncho mawu a amayi amachepa. Ofunsa pakhomo ndiwo amapeza osauka, okalamba ndi okhala kutali, ngakhale kuti m'tauni kawirikawiri amapeza geti lotseka.

Gwero lachiwiri ndi lobisika kwambiri: munthu mmodzi yemweyo amayankha mosiyana malinga ndi mmene funso lamufikira. Pamene pali munthu womvera, kaya pa foni kaya pakhonde, woyankha amafuna kuoneka wolongosoka. Mowa amauchepetsa, za ngongole amazilambalala, ndipo akafunsidwa za banja amati zonse zili bwino. Bungwe la Pew Research Center ku America linayesa zimenezi ndipo linatulutsa zotsatira m'chaka cha 2015. Linagawa anthu mwamaere, ena kuyankha pa foni, ena pa intaneti, mafunso ali amodzimodzi. Pa foni, anthu 62 pa 100 aliwonse anati ndi okhutira kwambiri ndi moyo wa m'banja mwawo. Pa intaneti anali 44 okha. Poti magulu awiriwa anasankhidwa mwamaere, kusiyanako sikunachokere ku mtundu wa anthu koma ku njira yofunsira.

Sikuti nthawi zonse munthu amadzikometsera. M'madera amene anthu anazolowera kulembedwa maina kuti alandire chimanga kapena mtukula pakhomo, mlendo wobwera ndi tabuleti angaganiziridwe kuti akulemba olandira thandizo, ndiye mavuto amakuzidwa ndipo mbuzi zina sizitchulidwa. Pa foni chikaiko chimakhala china: nambala yachilendo yofunsa za ndalama imakumbutsa anthu za akuba a pa foni, ndipo woyankha amangoti "sindikudziwa" kapena kudula kumene.

Palinso nkhani ya khutu ndi diso. Mayankho osankhapo akawerengedwa mokweza, munthu amakumbukira bwino omalizira ndipo amapendekera kumeneko. Akawaona olembedwa, amakonda kutola oyambirira akangooneka oyenera, osafika pansi. Pa foni anthu amatopanso msanga, kotero mafunso otenga ola lathunthu pakhomo sangangosamutsidwa mmene alili.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene magwero awiriwa amasokonezerana. Bungwe lina lafunsa mabanja 1,000 m'boma limodzi kuti: "M'masiku 30 apitawa, kodi pali tsiku limene banja lanu linagona osadya chifukwa chosowa chakudya?" Mabanja 200 ayankha pa intaneti, 300 pa foni, 500 pakhomo. Ovomera ndi 10 pa 100 aliwonse pa intaneti, 15 pa foni, ndi 30 pakhomo. Wowerenga mopupuluma anganene kuti a pa foni akubisa njala. Wina anganene kuti palibe chobisa, kungoti okhala ndi foni ndi opezako bwino. Manambala amenewa paokha sangagamule mlanduwo, chifukwa mabanja oyenderedwa pakhomo ambiri ndi omwe aja analibe foni.

Chogamula ndi maere. Bungwelo litenge mabanja ena 400 amene onse ali ndi foni, liwagawe pakati mwamaere: 200 aimbiridwe, 200 ayenderedwe, m'sabata zomwezo ndi funso lomwelo. Tinene kuti oimbiridwa avomera 15 pa 100, oyenderedwa 20 pa 100. Anthuwa ndi ofanana, choncho kusiyana kwa 5 kumeneku n'kwa njira yofunsira. Pa kusiyana kwa 15 kuja pakati pa foni ndi pakhomo, 5 wachokera ku njira, ndipo 10 wotsalayo ndi wa mtundu wa anthu ofikiridwa. Komabe maerewa ali ndi malire ake. Sanena kuti njira yoona ndi iti, poti mwina a pa foni achepetsa, mwinanso a pakhomo awonjezera. Magulu a mabanja 200 ndi aang'ono, moti kusiyana kwa 5 kungathe kungochitika mwangozi. Kuti kutsimikizike pamafunika mabanja ochuluka. Ndipo ngati oimbiridwa ambiri sanayankhe foni, magulu aja asiya kufanana.

Akatswiri ali ndi njira yokonzera gwero loyamba. Ngati okhala kumudzi kapena amayi achepa pakati pa oyankha, yankho la aliyense wa iwo limapatsidwa mphamvu yokulirapo powerengera, molingana ndi kalembera wa anthu monga wa 2018. Koma njira imeneyi imangokonza za amene anayankha. Munthu amene anachita manyazi pa foni, yankho lake likachulukitsidwa, manyaziwo achulukitsidwanso.

Gwero lachiwiri limachepetsedwa mafunso asanatuluke mu ofesi. Katswiri wa ku America Don Dillman analimbikitsa kuti funso lilembedwe mofanana m'njira zonse: mawu omwewo, mayankho ochepa oti munthu angawasunge m'mutu akangowamva, ndiponso popanda zithunzi kapena makadi amene wa pa foni sangawaone. Yankho loti "sindikudziwa" nalo limafuna chisamaliro, chifukwa likaonekera pa fomu ya pa intaneti pomwe wofunsa pa foni salitchula, limasankhidwa kwambiri pa intanetipo. Yankho lililonse lilembedwenso njira imene linabwerera, kuti zotsatira zithe kupendedwa payokhapayokha.

Ngozi yaikulu imakhala poyerekeza zaka. Bungwe lija likadafunsa pakhomo pokha chaka chatha n'kupeza 30, kenako pa foni pokha chaka chino n'kupeza 15, lipoti likadanena kuti njala yatsika ndi theka, pomwe palibe banja limene ladya bwinoko. Mafunso a zinthu zosachititsa manyazi, monga zaka za munthu kapena mtundu wa denga, sasintha kwenikweni ndi njira. Amene amasintha ndi okhudza maganizo, ndalama, matenda ndi za m'nyumba. Pa mafunso oterewa, lipoti losatchula njira yofunsira ndi chiwerengero cha oyankha m'njira iliyonse siliyenera kuyerekezedwa ndi lipoti lina.