Satifiketi ya odita wa dongosolo loyendetsera ubwino

Satifiketi ya odita wa dongosolo loyendetsera ubwino ndi umboni wosonyeza kuti munthu anaphunzira ntchito ya oditi, anaigwirapo mokwanira, ndipo akupitirizabe kuigwira. Odita wotere safufuza za ndalama. Iye amafufuza ngati kampani kapena bungwe likutsatira dongosolo limene linakhazikitsa pofuna kuti katundu ndi ntchito zake zizikhala zabwino nthawi zonse. Kawirikawiri dongosololi amaliyerekeza ndi muyezo wa ISO 9001, umene unatuluka koyamba mu 1987. Malangizo a kachitidwe ka oditi ali mu muyezo wina wotchedwa ISO 19011.

Bungwe la ISO limalemba miyezo koma silipereka satifiketi kwa maodita. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mabungwe ena, monga Exemplar Global, PECB ndi IRCA. Nkhani ino ikufotokoza kwambiri za IRCA, yomwe dzina lake lonse ndi International Register of Certificated Auditors. Bungweli linakhazikitsidwa ku Britain mu 1984 ndipo lili pansi pa bungwe la Chartered Quality Institute, lomwe limadziwika mwachidule kuti CQI.

Kusiyana kwa satifiketi ya kosi ndi kulembetsedwa

Pali mapepala awiri amene anthu amakonda kuwasokoneza. Loyamba ndi satifiketi imene munthu amalandira akakhoza kosi ya uodita. Lachiwiri ndi satifiketi yosonyeza kuti dzina lake lalembedwa m'kaundula wa maodita ovomerezeka. Pepala loyamba limangosonyeza kuti munthuyo anaphunzira ndipo anakhoza mayeso. Lachiwiri limafuna kuti akhale atagwirapo ntchito kwa zaka zingapo komanso atachita maoditi enieni amene munthu wina angathe kuwatsimikizira. Choncho munthu amene wangomaliza kosi ya odita wotsogolera sanakhale odita wotsogolera wolembetsedwa.

Maodita olembetsedwa ali m'magawo. Gawo loyambira ndi la munthu amene wakhoza kosi koma sanachite maoditi okwanira. Palinso gawo la odita wa m'kati, amene amafufuza madipatimenti a kampani imene iye mwini amagwirako ntchito. Kenako pali odita, amene amafufuza makampani ena ali m'gulu, ndi odita wotsogolera, amene amakonza pulani ya oditi, kugawa ntchito kwa anzake ndi kupereka lipoti lomaliza.

Maphunziro

Kosi ya odita wa m'kati imatenga masiku awiri. Kosi ya odita wotsogolera imatenga maola 40, amene nthawi zambiri amagawidwa m'masiku 5. Wophunzira amayenera kubwera akuudziwa kale muyezo wa ISO 9001, makamaka ndime 4 mpaka 10 zimene zili ndi zofunika kutsatira, chifukwa kosiyi imaphunzitsa kafufuzidwe osati muyezowo.

Wophunzira amayesedwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yoti mphunzitsi amamuyang'anira sabata yonse pamene akukonza pulani, kufunsa mafunso m'masewero oyeserera, ndi kutsogolera msonkhano wotsegulira kapena wotsekera oditi. Njira yachiwiri ndi mayeso a kumapeto. Munthu amayenera kukhoza zonse ziwiri.

Luso limene limavuta ophunzira ambiri ndi kulemba cholakwika chimene apeza. Cholakwika cholembedwa bwino chimakhala ndi mbali zitatu: zimene muyezo ukufuna, umboni umene odita waona, ndi pamene ziwirizi zasemphana. Mwachitsanzo, kulemba kuti "masikelo sakusamalidwa" sikokwanira. Odita amayenera kutchula sikelo yeniyeniyo ndi nambala yake, tsiku limene inayenera kupimidwanso, ndi mfundo yoti inagwiritsidwabe ntchito tsikulo litadutsa, zimene zikusemphana ndi ndime 7.1.5 ya ISO 9001:2015.

Zaka za ntchito ndi masiku a oditi

Muyezo wa ISO 19011 wa mu 2002 unali ndi tebulo lopereka chitsanzo cha zimene odita ayenera kukhala nazo. Unatchula maphunziro a kusekondale, zaka 5 za ntchito zomwe ziwiri mwa izo ndi zokhudza ubwino, maola 40 a maphunziro a uodita, ndi maoditi athunthu 4 okwana masiku 20. Wofuna kukhala wotsogolera ankayenera kuwonjezera maoditi athunthu atatu okwana masiku 15, ali mtsogoleri wa gulu. Manambalawa anachotsedwa pamene muyezowu unakonzedwanso mu 2011, koma IRCA inapitiriza kugwiritsa ntchito masiku ofanana ndi amenewa. Pa masiku 20 a odita, 15 amayenera kukhala a pamalo pamene ntchito ikufufuzidwa. Pa masiku 15 a wotsogolera, 10 amayenera kukhala a pamalopo, ndipo gulu limene akutsogolera likhale ndi odita wina mmodzi kapena kuposerapo.

Oditi yathunthu ndi imene imayambira pa kuwerenga zikalata za kampani ndi kukonza pulani, kudutsa pa kufufuza pamalo, mpaka kulemba lipoti, ndipo imakhudza ndime zonse za muyezo. Oditi yongoona dipatimenti imodzi kapena ndime zochepa si yathunthu.

Kaundula wa maoditi

Umboni wa masiku onsewa umachokera m'kaundula amene odita aliyense amasunga yekha. Kaundulayu ndi fomu yokhala ndi mizere, ndipo mzere uliwonse ndi oditi imodzi. Pa mzerewo amalembapo izi:

- tsiku limene oditi inayamba
- masiku a pamalo ndi masiku okonzekera kapena kulemba lipoti, olembedwa mosiyana
- dzina la kampani yofufuzidwa, kumene ili, ndi munthu wa kumeneko amene angafunsidwe
- muyezo umene unagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi chaka chake
- mtundu wa oditi
- udindo wa oditayo m'gulu ndi chiwerengero cha anthu a m'gululo
- dzina la amene anatsogolera kapena kuyang'anira oditiyo

Mitundu ya oditi ilipo itatu. Pali oditi imene kampani imadzichita yokha, oditi imene wogula amachita kwa amene amamugulitsa katundu, ndi oditi yochitidwa ndi bungwe loima palokha lopereka satifiketi kwa makampani. Ku Malawi ntchito yamtundu wachitatuwu imagwiridwanso ndi Malawi Bureau of Standards.

Kaundula salemba zimene odita anapeza, chifukwa zimenezo ndi chinsinsi cha kampani yofufuzidwa. Amangosonyeza kuti oditi inachitika, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti munthuyo anachita chiyani. Bungwe lolembetsa likhoza kufunsa anthu otchulidwa m'kaundulamo kuti atsimikizire. Pa chifukwa chimenechi maodita amalemba mzere oditi ikangotha. Pakapita zaka zitatu, bwana amene akanatsimikizira amakhala atasiya ntchito, ndipo odita mwini amakhala ataiwala ngati anakhala pamalo masiku atatu kapena anayi.

Chitsanzo cha kawerengedwe ka masiku

Tiyerekeze mayi wina amene anakhoza kosi ya maola 40 ndipo akufuna kulembetsedwa ngati odita. M'kaundula wake muli mizere 5:

1. Fakitale ya mapaipi apulasitiki, oditi yathunthu, masiku 4 pamalo ndi tsiku limodzi la kuofesi.
2. Kampani yonyamula katundu, oditi yathunthu, masiku 4 pamalo ndi awiri a kuofesi.
3. Kampani yosindikiza mabuku, oditi yathunthu, masiku atatu pamalo ndi limodzi la kuofesi.
4. Fakitale yolongedza tiyi, oditi ya chaka ndi chaka yoona ngati kampani ikusungabe dongosolo, masiku awiri pamalo ndi limodzi la kuofesi.
5. Kampani yomanga nyumba, masiku atatu pamalo, iye ali wongoonerera.

Akaphatikiza zonse mayiyu akupeza maoditi 5, masiku 21, ndipo 16 mwa iwo ndi a pamalo. Poyang'ana manambala okha, zikuoneka ngati wakwanitsa zonse.

Wowunika fomu yake angachotse mzere wachinayi, chifukwa oditi ya chaka ndi chaka imangoona mbali zina za dongosolo, choncho si yathunthu. Angachotsenso mzere wachisanu, chifukwa wongoonerera safunsa mafunso, sasonkhanitsa umboni, ndipo salemba zolakwika. Otsala ndi maoditi atatu, masiku 15, ndipo a pamalo ndi 11. Mayiyu akufunikabe oditi imodzi yathunthu ya masiku osachepera 5, yokhala ndi masiku 4 pamalo. Ngati oditi yotsatirayo itakhala ya masiku atatu okha, chiwerengero cha maoditi chikwana koma masiku aperewera, ndipo adzafunikanso ina.

Zolakwika zofala m'kaundula

Kupatula ziwiri za m'chitsanzochi, pali zolakwika zina zimene zimachititsa kuti mzere ukanidwe. Nthawi ya paulendo si nthawi ya oditi. Oditi yoyeserera ya m'kalasi siwerengedwa. Munthu amene anathandiza kampani kulemba dongosolo lake, kenako n'kulifufuza yekha, sakhala woima payekha, chifukwa akuyesa ntchito ya manja ake. Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito kwa odita wa m'kati, amene sayenera kufufuza ntchito imene iye amaiyang'anira.

Wowunika amazindikira zolakwika zotere poyerekeza mizere. Maoditi awiri a m'mizinda yotalikirana olembedwa pa tsiku limodzi amakayikitsa. Mzere wonena kuti munthu anali wotsogolera pamene gulu linali la munthu mmodzi sungawerengedwe pa masiku a utsogoleri. Kulemba zabodza mwadala n'kuphwanya malamulo a khalidwe amene odita amavomereza polembetsa, ndipo kungachititse kuti dzina lake lichotsedwe m'kaundula wa bungwe.

Kusunga satifiketi

Odita wolembetsedwa amalipira ndalama chaka chilichonse, ndipo pakapita nthawi satifiketi yake imaunikidwanso. Kwa nthawi yaitali IRCA inkachita zimenezi zaka zitatu zilizonse ndipo inkafuna maola 45 a maphunziro owonjezera. Pambuyo pake nthawiyi inasinthidwa kukhala zaka 5. Pounikapo odita amapereka kaundula wa maoditi amene wachita m'zakazo, kaundula wina wa maphunziro owonjezera, ndi chikalata chonena ngati pali madandaulo amene anaperekedwa okhudza ntchito yake. Wotsogolera amayenera kusonyeza kuti akutsogolerabe magulu. Amene sanachite maoditi okwanira akhoza kutsitsidwa kupita pa gawo lotsika. Muyezo ukasintha, monga mmene ISO 9001:2008 inalowedwera m'malo ndi ISO 9001:2015, odita amayeneranso kusonyeza kuti waphunzira zosinthazo.

Malire ake

Kaundula amawerenga masiku, koma sasonyeza ngati oditayo amafunsa mafunso oyenera. Kulembetsedwa ndi IRCA si lamulo la boma, ndipo pakokha sikumupatsa munthu chilolezo chochita oditi m'dzina la bungwe lopereka satifiketi. Muyezo wa ISO/IEC 17021-1 umafuna kuti bungwe lotere liziyesa lokha luso la maodita ake, kuphatikizapo kuwatsatira pamalo n'kuona mmene akugwirira ntchito, ndiponso kutsimikiza kuti akuidziwa ntchito ya kampani imene akukafufuza. Odita wodziwa bwino mafakitale a zitsulo sangatumizidwe yekha kukafufuza chipatala, ngakhale kaundula wake atakhala ndi masiku ambiri.