Kalipentala Mmodzi, Ntchito Ziwiri Tsiku Limodzi: Tisunthe Chiyani?

Ndondomeko ya ntchito imatha kuoneka bwino papepala koma osatheka pamalo omangira. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi chimodzi: wolemba anawerengera masiku a ntchito iliyonse, koma sanaone kuti munthu mmodzi yemweyo wamulemba malo awiri tsiku limodzi. Akatswiri oyendetsa mapulojekiti ali ndi njira ziwiri zokonzera vuto limeneli. Yoyamba ndi kusalaza ntchito, imene amaitcha simuthing'i, ndipo yachiwiri ndi kulinganiza ntchito ndi anthu amene alipo, imene amaitcha levoling'i. Anthu ambiri amazisokoneza, chonsecho zimasiyana pa mfundo yaikulu: kusalaza sikukhudza tsiku lomalizira pulojekiti, pamene kulinganiza kumalola tsikulo kusuntha.

Tiyeni tiyerekeze kuti tikumalizitsa nyumba ya mphunzitsi. Makoma aima kale, ndipo tili ndi kalipentala mmodzi amene amagwira maola 8 patsiku. Kwatsala ntchito zinayi. Kukhoma denga n'kwa kalipentala ndipo kumatenga masiku 4. Denga likatha, amisiri omanga apulasitala makoma akunja kwa masiku 5. Kenako opaka penti agwira masiku 3. Palinso zitseko, zimene kalipentala yemweyo azipanga kwa masiku 3. Zitsekozi sizidikira ntchito ina iliyonse, chofunika n'chakuti zikhale zitatha penti isanayambe.

Tikaika ntchito iliyonse pa tsiku loyambirira limene ingayambike, denga litenga tsiku la 1 mpaka la 4, pulasitala la 5 mpaka la 9, penti la 10 mpaka la 12. Ntchito zitatuzi n'zolumikizana ndipo zilibe mpata: imodzi ikachedwa ndi tsiku, nyumba yonse yachedwa ndi tsiku. Zitseko n'zosiyana. Zikhoza kutha tsiku la 3, koma sizifunika mpaka tsiku la 9 litatha, choncho zili ndi mpata wa masiku 6.

Vuto limaonekera tikalemba maola a munthu aliyense tsiku ndi tsiku. Pa masiku 3 oyamba, kalipentala walembedwa maola 8 padenga ndi maola 8 pa zitseko, onse pamodzi 16. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano denga ndi zitseko zonse zichedwa ngati kapitawo sachitapo kanthu.

Kusalaza kumatanthauza kusuntha ntchito mkati mwa mpata wake wokha. Tisuntha zitseko kuti ziyambe tsiku la 5 denga litatha, n'kutha tsiku la 7. Kalipentala wabwerera pa maola 8, ndipo penti iyambabe tsiku la 10, nyumba n'kutha la 12. Komabe pali chimene talipira. Mpata wa zitseko watsika kuchoka pa masiku 6 kufika pa 2. Matabwa akachedwa kufika kapena kalipentala akadwala masiku 3, zitseko zimene poyamba sizinkadetsa nkhawa ndizo zichedwetse penti.

Tsopano tiwonjezere ntchito imodzi. Mwini nyumba akufuna siling'i, ntchito ya masiku 4 ya kalipentala yemweyo, imene ingayambe denga litatha ndipo iyenera kutha penti isanayambe. Apa masamu sakuvuta. Penti isanayambe pali masiku 9, koma kalipentala ali ndi ntchito ya masiku 11: denga 4, siling'i 4, zitseko 3. Ngakhale titasuntha bwanji mkati mwa mipata, masiku 2 asowa pokhala. Tikaika siling'i pa tsiku la 5 mpaka la 8, zitseko pa la 7 mpaka la 9, tachepetsa masiku opanikiza, koma la 7 ndi la 8 kalipentala akadali pa maola 16. Apa ndiye pothera mphamvu ya kusalaza. Kumachepetsa mtolo, koma sikulonjeza kuuchotsa wonse, chifukwa tsiku lomalizira silikhudzidwa.

Kulinganiza kumayambira mbali ina. Timavomereza kuti kalipentala ndi mmodzi ndipo sapyola maola 8, kenako masiku ndiwo amagonja. Denga litenga tsiku la 1 mpaka la 4, siling'i la 5 mpaka la 8, zitseko la 9 mpaka la 11, ndipo penti iyamba la 12 n'kutha la 14. Palibenso tsiku limene munthu wapanikizika, koma nyumba yachedwa ndi masiku 2.

Pali kusintha kwina kumene akapitawo ambiri sakuona. Poyamba ntchito zopanda mpata zinali denga, pulasitala ndi penti. Tsopano pulasitala akutha tsiku la 9 pamene penti ikuyamba la 12, kutanthauza kuti wapeza mpata wa masiku 2. Zimene zikulamula tsiku lomalizira ndi ntchito za kalipentala. Kapitawo amene akupitiriza kukakamiza opulasitala kuti afulumire akutaya mphamvu pachabe. Chofunika kuyang'anira tsopano n'chakuti matabwa, misomali ndi mahinjesi zisamusowe kalipentala ngakhale theka la tsiku.

Polinganiza, kusankha ntchito yoyamba n'kofunikanso kwambiri. Tikanati kalipentala ayambe ndi zitseko, denga likanatha tsiku la 7, pulasitala la 12, ndipo penti la 15. Munthu ndi yemweyo, maola ndi omwewo, koma tataya tsiku lina. N'chifukwa chake lamulo lodziwika limati pamene ntchito ziwiri zikulimbirana munthu mmodzi, itsogole imene ili ndi mpata wochepa.

Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Microsoft Project amapeza kusiyana kumeneku m'kabokosi kamodzi kolembedwa kuti `Level only within available slack`. Mukachongamo, pulogalamuyo imasuntha ntchito mkati mwa mipata yokha, ndiko kusalaza, ndipo munthu amene vuto lake silinathe amaonekabe kuti wachulukidwa. Mukapanda kuchonga, ikhoza kukankha tsiku lomalizira. Choncho musanadine kalikonse lembani tsiku lomalizira, ndipo mukatha muone ngati lasuntha komanso ntchito zimene zataya mpata.

Nanga tisankhe njira iti? Funso loyamba ndi lakuti n'chiyani sichingasunthe. Ngati mphunzitsi ayenera kulowa m'nyumba sukulu isanatsegulidwe, tsiku la 12 ndi lokhazikika. Pamenepo timasalaza mpaka pamene mipata ikulola, ndipo maola 16 otsalawo timawagula: kulemba kalipentala wachiwiri kwa masiku 2, kapena kugula zitseko zopangapanga. Ngati m'deralo mulibe mmisiri wina wodalirika kapena ndalama yowonjezera palibe, chokhazikika ndi munthu. Pamenepo timalinganiza, n'kumuuza mwini nyumba lero lomwe kuti makiyi alandira tsiku la 14.

Chisankho chimene chimavulaza anthu ndi chachitatu, chosiya ndondomeko momwe ilili n'kumayembekezera kuti kalipentala adzaona yekha chochita. Munthu wotopa amene akukwera padenga m'mawa atachezera kupala matabwa amalakwitsa muyezo, ndipo akhoza kugwa. Masiku 2 aja sanachoke. Adzatulukirabe kumapeto, pa nthawi imene opaka penti afika kale ndipo ayenera kulipidwa akudikira. Kuwerenga maola a munthu aliyense ntchito isanayambe kumapereka mwayi wosankha pakati pa kuwonjezera ndalama ndi kuwonjezera masiku, nthawi yokambirana ndi mwini nyumba ikadalipo.