Ukali suyendetsa lole

Alamu anga ali ndi sitolo pa Mitundu. Pa 3 Novembala adalipira matumba 40 a feteleza kwa wogulitsa wina mu Lilongwe, yemwe adalonjeza kuwatula pofika pa 10. Masabata atatu adatha, mvula n'kugwa, lole osaoneka.

Mtima utawira, adalemba kuti: "Ndinu mbava! Mnzanga wa ku Nathenje mudampatsa kale. Muona!"

Atandionetsa, ndidati alamu, kalatayi ilibe mano. Mulibe tsiku, mulibe nambala ya lisiti, ndipo simukunena chomwe mukufuna. Wolandirayo adzangoyankha za kutukwanako, za feteleza zii. Komanso kunena munthu kuti mbava popanda umboni kungakutembenukireni kukhothi.

Tidalembanso motere:

"Bwana, pa 3 Novembala ndidalipira matumba 40 a feteleza, monga lisiti ndamatayi ikusonyezera. Mudalonjeza kubweretsa pofika pa 10, koma mpaka lero sindidalandire. Alimi adzala kale ndipo akugula kwina. Chonde tulani katunduyu pofika Lachisanu pa 5 Disembala, apo ayi mundibwezere ndalama zonse tsiku lomwelo. Zikakanika, nditengera nkhaniyi kukhothi."

Mwaona, amangwetu? Ulemu ulimo, koma palibe pothawira. "Muona" saopsa munthu. Tsiku lenileni ndiye limaopsa.

Za ku Nathenje tidachotsa, poti nzongomva. Lisiti yeniyeni idatsala m'sitolo, tidatumiza ya fotokope, ndipo wolandira kalata adasaina pa kope yathu. Mawa asadzati sadaione.