Fomu ya pa foni isamakakamize mlangizi kunama

Fomu ya kalembera wa pakhomo imatha kukhala ndi mafunso opitirira 100, ndipo amene amaidzaza sakhala pa desiki. Mlangizi wa zaumoyo amakhala pakhonde la munthu, dzuwa likuthwanima pa galasi la foni, mwana akulira, mayi akufuna kubwerera kumunda. Mafomu ambiri otere masiku ano amapangidwa ndi mapulogalamu monga ODK, yomwe inayambira pa yunivesite ya Washington ku America mu 2008, ndi KoboToolbox. Wopanga fomu amalemba mafunso mu tebulo lotchedwa XLSForm, funso lililonse pamzere wake, ndipo zimene walemba m'menemo ndi zomwe zimachititsa kuti ntchito ya kumudzi iyende kapena ivute.

Titenge funso limodzi: kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba kamitundu itatu pofuna kudziwa ngati akunyentchera. Muyezowu ndi wa ana a miyezi 6 mpaka 59. Ukakhala pansi pa masentimita 11.5, kalamba kamaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo afunika kupita kuchipatala msanga. Kuyambira 11.5 koma osafika 12.5 ndi pachikasu, ndipo kuyambira 12.5 ndi pobiriwira.

Tsono mlangizi wayeza mwana wa miyezi 20 n'kupeza 12.5, koma chala chaphonya kadontho, walemba 125. Fomu ikalandira nambalayi, cholakwacho chidzaoneka patapita masabata, ku ofesi, pamene palibe amene angabwerere kukayezanso. N'chifukwa chake funso limapatsidwa malire:

```
type: decimal
name: muac
constraint: . >= 7 and . <= 22
```

Kadontho koyambirira mu `constraint` kakuimira yankho lomwe lalembedwa. Manambala 7 ndi 22 ndi chitsanzo chabe, malire enieni azigwirizana ndi akatswiri a za kadyedwe. Chachikulu n'chakuti 125 yakanidwa mwana akadali pamiyendo ya mayi ake. Uthenga wokana, womwe umalembedwa mu `constraint_message`, nawonso uzinena chochita, monga wakuti "Lembani m'masentimita, mwachitsanzo 12.5." Uthenga wongoti yankho ndi lolakwika umamusiya munthu akudinadina, osadziwa pomwe walakwitsa.

Koma apa ndi pomwe opanga mafomu ambiri amapitirira muyezo. Poopa manambala achilendo, amapanikiza malire, mwina kuyambira 11 mpaka 18. Tsiku lina mlangizi akumana ndi mwana wa mkono wa 10.4, mwana weniweni, wodwaladi, fomu n'kukana. Kutsogolo sikupitika, ndipo makomo ena akudikira. Munthu amalemba 11 kuti adutse. Mwana amene amafunika kuoneka kwambiri m'kaundula ndi amene wabisika, ndipo wolakwa si mlangizi. Ine ndimaona kuti fomu izikana zokhazo zomwe sizingatheke. Zachilendo koma zotheka izizilandira, n'kufunsa kuti: "Mwalemba 10.4. Yezaninso. Kodi ndi zoona?" Mu XLSForm zimenezi zimatheka poika funso lotsimikizira lomwe limatuluka pokhapokha yankho likatsika pa 11.5, pogwiritsa ntchito `relevant`. Pomwepo fomu ingathe kukumbutsanso kuti mwanayo atumizidwe kuchipatala.

Woyang'anira ntchito atha kudziwa ngati malire akunamitsa anthu. Aone mayankho onse pamodzi. Akapeza kuti ana ambirimbiri aunjikana pa nambala ya pamalire penipeni, ameneyo si mudzi wa ana ofanana mikono, ndi fomu yomwe ikukankhira anthu pamenepo. Vuto lomweli limabwera ndi mafunso okakamiza kuyankha. Agogo amene akulera mdzukulu sangakumbukire tsiku lobadwa, ndipo buku la kusikelo mwina linatayika. Fomu ikapanda kupereka mwayi wosankha "Sakudziwa" kapena wongolemba miyezi moyerekeza, masiku obadwa ambiri amasanduka 1 Januwale.

Nkhani ya kiyibodi imaoneka yaing'ono kufikira utaidzaza wekha fomuyo. Funso la nambala likatulutsa kiyibodi ya zilembo, munthu ayenera kusintha kaye kuti apeze manambala, omwenso amakhala ang'onoang'ono, ndipo amatero pa funso lililonse, khomo lililonse. Mtundu wa funso ndi umene umaitana kiyibodi: `integer` ndi ya manambala athunthu monga chiwerengero cha anthu pakhomo, pomwe `decimal` imalola kadontho. Mukaika `integer` pa funso la mkono lija, 12.5 silembeka n'komwe.

Msampha uli pa nambala ya foni. Manambala a foni za m'manja ku Malawi ali ndi manambala 10, kuyambira ndi 0, monga 088 kapena 099. Wopanga fomu akaganiza kuti imeneyi ndi `integer`, ziro woyambayo amatayika, popeza m'masamu ziro wa kutsogolo alibe ntchito. Komanso mu ODK funso la `integer` silipitirira manambala 9. Nambala ya foni si chinthu chowerengera, ndi dzina lolembedwa m'manambala. Iyenera kukhala `text`, n'kuika `numbers` pa `appearance`, kuti kiyibodi ya manambala ituluke koma ziro asungike. Chimodzimodzi nambala ya khomo monga 007.

Kusunga ntchito ndiye kumene kumapweteka kukalephereka. Foni yotsika mtengo imakhala ndi memole yochepa, ndipo Android imatseka pulogalamu yomwe yatsalira kumbuyo ikafuna malo. Izi zimachitika kawirikawiri mlangizi akatsegula kamera kuti ajambule buku la kusikelo, kapena wina akamuimbira. Batire nalo limatha osatsanzika. Ngati fomu imasunga pokhapokha munthu akafika kumapeto, mafunso 80 apita, ndipo kupempha mayi kuti ayambirenso kuyankha n'kovuta. Ena amangodzaza zomwe akukumbukira ali panjira.

Choncho yankho lililonse lizilembedwa m'foni momwemo munthu akamachoka pa funso, popanda kudikira netiweki. ODK Collect imasunga motere ntchito ili mkati, moti ikatsekeka mwadzidzidzi imatha kubweza zomwe zinalembedwa. Amene akupanga pulogalamu yawoyawo asamale chinthu chimodzi: kusunga kusadalire kuti mayankho onse ndi olondola. Fomu yatheka, ngakhale yokhala ndi cholakwa, isungike ndithu. Kufufuza konse kudikire nthawi yomwe mlangizi akunena kuti wamaliza. Kusunga, kumaliza ndi kutumiza ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo foni izionetsa poyera kuti mafomu angati ali pa gawo lililonse. Fomu iliyonse ikhalenso ndi chizindikiro chakechake, monga `instanceID` ya mu ODK, kuti netiweki ikaduka pakati n'kutumizanso, khomo limodzi lisawerengedwe kawiri.

Zonsezi zimayesedwa fomu isanapite kumudzi, ndipo pa foni yotsika kwambiri mwa zomwe alangizi adzanyamule, osati ya wopanga fomu. Zimitsani netiweki, dzazani mpaka pakati, tsegulani kamera, kenako thimitsani foni. Mukayatsa, onani ngati yakubwezerani pa funso lomwe munasiyira. Lembani 125, lembani 10.4, lembani nambala yoyamba ndi ziro, ndipo mukatumiza mukatsegule tebulo la ku ofesi muone ngati ziro uja wafika.