Mawu awiri amene anaimitsa kalata yofunsira ntchito

Mwana wa mlongo wanga anandipeza pakhonde madzulo ena atanyamula pepala la mizere ndi envulopu yakhaki. Kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba inalengeza kuti ikufuna kalaliki wosunga katundu, ndipo inati kalata yofunsira ntchitoyo ikhale yolemba pamanja. Mtsikanayu anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, Chingerezi amachiyankhula mosadodoma, ndipo anali atagwirapo ntchito zaka ziwiri m'golosale ya munthu wina kumsika. Kalata yonse anali atamaliza kupatula chiganizo chimodzi cha m'ndime yachiwiri, pomwe anasiya mipata iwiri. Kuseri kwa envulopu kunali mawu olembedwa ndi pensulo, ena atafufutidwa: *consciencious*, *concientious*, *conscientous*, ndipo m'munsi mwake *responsable* ndi *responsible*.

"Amalume, tandiuzani, olondola ndi ati pamenepa? Ndikamawayang'anitsitsa onse akuoneka ngati olakwika."

Ndinamuuza kuti pa mawu oyambawo palibe ngakhale amodzi amene analasa, koma pa achiwiriwo olondola ndi omalizawo. Chiganizo chimene ankafuna kulemba chinali ichi: *I am a conscientious and responsible person.* Ndinakondwa kuti anakayikira. Makalata ambiri amene ndawaonapo amafika kwa olemba ntchito mwini wake asanaimepo n'komwe pa mawu amenewa.

Kukayikira kwakeko kuli ndi gwero. Chichewa timachilemba monga momwe timachitchulira. Mukamva mawu oti "chikumbumtima", khutu lakuuzani kale zilembo zonse ndi ndondomeko yake. Mwana akaphunzira maphatikizo ku Sitandade 1 ndi 2, angathe kulemba mawu amene sanawaonepo chibadwire. Chizolowezi chimenechi timapita nacho ku Chingerezi, komwe khutu limanamiza. Kalembedwe ka mawu ambiri a Chingerezi kamasunga mbiri ya kumene mawuwo anachokera, ngakhale katchulidwe kanasintha kalekale.

Taonani *conscientious*. Pakamwa amamveka ngati "konshienshasi". Liwu la "sh" likumveka kawiri, koma m'zilembo 13 za mawuwa mulibe *sh* paliponse. Poyamba liwulo lalembedwa ndi *sc* wotsatana ndi *i*, kachiwiri lalembedwa *ti*. Munthu wodalira khutu alibe pogwira, ndiye chifukwa chake mwana wa mlongo wangayo pena anataya *s*, pena anataya *i*, pena anaika *c* pamalo a *t*.

Sindinamuuze kuti aloweze zilembo 13 motsatana, chifukwa zoloweza choncho zimathawa tsiku lomwe ukuzifuna. Ndinamupatsa pensulo ndi kumuuza kuti alembe *science*, dzina la phunziro limene wakhala akulilemba pachikuto cha kope kuyambira kupulayimale. Analemba osaganiza n'komwe. Kenaka ndinati aike *con* kutsogolo kwake, ndipo panatuluka *conscience*, kutanthauza chikumbumtima. Apa ndiye pamene pali msampha: kuchoka pa *conscience* kupita pa *conscientious*, zilembo ziwiri zomaliza, *ce*, zimachoka, ndipo m'malo mwake mumabwera *tious*. Ambiri amasunga *c* uja n'kulemba *consciencious*, ndipo kulakwitsa kumeneku n'komveka ndithu, popeza *conscience* amatheradi ndi *ce*. Koma *t* ameneyu ndi wakale kuposa *c*. Mawuwa anachokera ku Chilatini, *conscientia*, momwe muli *con*, kutanthauza "pamodzi", ndi mneni wa *scire*, kutanthauza "kudziwa". Kusintha komweku mumakuona pa mawu amene amadindidwa pa maenvulopu a m'maofesi: *confidence* amathera ndi *ce*, koma chidindo chimati *CONFIDENTIAL*, ndi *t*. Mtsikanayo ataona zimenezi anati, "Ndiye kuti ndi sayansi basi, kungosintha mchira wake." Kuyambira pamenepo sanaphonyenso.

Mbiri imeneyi imathandizanso pa tanthauzo. Munthu amene ali *conscientious* ndi uja amagwira ntchito mosamala chifukwa chikumbumtima chake sichimulola kuchita mwachinyengo kapena mwaulesi, abwana akhalepo kapena asakhalepo. Ndi mawu olemera, ndipo tibwereranso kwa iwo.

Nkhani ya *responsible* ndi yaifupi. Vuto lili pa chilembo chimodzi, *i* kapena *a*. Mawu ena amene anthu amakonda kudzitchula nawo m'makalata ofunsira ntchito, monga *reliable*, *dependable* ndi *capable*, onse amathera ndi *able*, ndiye dzanja likazolowera limangopitiriza. Potchula, *able* ndi *ible* kumapeto kwa mawu sizisiyana kwenikweni. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi ali ndi chifukwa chinanso chosokonezekera, pakuti kumeneko amalemba *responsável*, ndi *a*, ndipo Chifalansa nachonso chimalemba *responsable*. Chingerezi chinatenga *i*. Chokumbukirira chake ndi mawu apachibale, *responsive*, momwe *i* amamveka bwinobwino m'khutu. Chinanso choyang'anira ife olankhula Chichewa ndi *r* ndi *l*, zomwe m'chiyankhulo chathu sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. Dzanja likamathamanga limatha kulemba *responsibre*, diso osaona cholakwika chilichonse.

Wina anena kuti masiku ano kompyuta ndi foni zimakonza zokha. Zimathandizadi, koma pali malo atatu pamene zimakusiya pamtetete. Mukalemba *conscientious* mophonya kwambiri, makinawo amajambula mzere wofiira kunsi n'kukupatsani mawu ofanana nawo kuti musankhepo. Pakati pa mawu oterowo pangathe kukhala *conscious* ndi *contentious*. Oyambawo amanena za munthu amene ali maso, sanakomoke, kapena amene akuzindikira kanthu. Achiwiriwo amanena za munthu wokonda mikangano, kapena nkhani yoyambitsa mikangano. Mukadina mofulumira, mzere wofiira uja umazimiririka chifukwa mawuwo alembedwa molondola, koma kalata yanu tsopano ikuuza abwana kuti ndinu munthu wandewu. Choncho mawu amene makina akupatsani muziwawerenga chilembo ndi chilembo, muone ngati *scien* uja alimo pakati.

Malo achiwiri ndi mutu wa kalata. Kwathu kuno tinaphunzitsidwa kulemba mutu ndi zilembo zazikulu zokhazokha, monga *APPLICATION FOR THE POST OF STORES CLERK*. Pulogalamu ya Microsoft Word imabwera itatcheredwa kale kuti isamafufuze mawu olembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Lamulo limenelo limatchedwa *Ignore words in UPPERCASE*, ndipo limapezeka mukalowa pa *File*, kenaka *Options*, kenaka *Proofing*. Ngati simunachotse kachizindikiro ka pamenepo, mungathe kulakwitsa dzina la ntchito yeniyeniyo imene mukuifunsira, makina osanena kanthu ngakhale mutadina batani la F7. Malo achitatu ndi makompyuta a m'mashopu otayipitsa ndi kupulintitsa makalata, omwe amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambirimbiri. Munthu mmodzi akalemba *responsable*, mzere wofiira n'kumutopetsa, iye n'kudina *Add to Dictionary*, ndiye kuti aliyense wobwera pambuyo pake pa kompyuta imeneyo sadzachenjezedwanso. Ndiye ngati mukukayikira, tsegulani dikishonale yeniyeni, ya pepala kapena ya pafoni, muwerenge ndi tanthauzo lomwe. Za kusiyana kwa Chingerezi cha ku Mangalande ndi cha ku America musade nazo nkhawa pa mawu awiriwa, amalembedwa chimodzimodzi konsekonse.

Titathana ndi zilembo, ndinamufunsa mtsikanayo funso limene kwa ine linali lalikulu kuposa sipelo.

"Iwe, munthu amene akawerenge kalatayi sakukudziwa. Adziwa bwanji kuti zimene wanenazi n'zoona?"

Anangoti duu. Ndinamufotokozera kuti wolemba ntchito amakhala ndi mulu wa maenvulopu patebulo, ndipo pafupifupi aliyense mwa ofunsirawo amadzitcha wolimbikira, wokhulupirika ndi wosamala. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno: umboni umene abwanawo ali nawo m'manja ndi pepala lokhalo. Apa ndiye pamene *conscientious* amaopsa kuposa mawu ena. Ukalakwitsa dzina la msewu pa keyala, wowerenga angathe kukhululuka. Koma ukalakwitsa mawu amene akunena kuti ndiwe wosamala pa zazing'ono zomwe, chiganizocho chadzitsutsa chokha, makamaka pa ntchito ya ukalaliki, yomwe tsiku lonse ndi kukopera manambala ndi mayina a katundu popanda kuphonya.

Ndinamufunsa zimene ankachita kugolosale kuja. Anati m'mawa uliwonse ndiye ankatsegula, chifukwa makiyi ankasunga ndi iye. Katundu akabwera ankamuwerenga n'kuyerekeza ndi zolembedwa pa invoisi asanasaine. Loweruka lililonse ankawerenga katundu yense wotsala pamashelefu n'kulemba m'buku. Tsiku lina anapeza kuti makatoni a sopo abwera operewera awiri, anakana kusaina mpaka woperekayo anakonza pepala. Zonsezi munalibe m'kalata yake. Iye ankaona ngati ndi zazing'ono zosayenera kuuza abwana a kampani, pamene kwa munthu wofuna wosunga katundu zimenezi ndiye mutu wa nkhani.

Tinagwirizana kuti chiganizo chija chichoke, ndipo m'malo mwake analemba kuti: *For two years I was responsible for the shop keys, checking deliveries against invoices and the weekly stock count.* Anawonjeza chiganizo china chachifupi chofotokoza za makatoni a sopo aja. Mawu oti *responsible* anatsalamo, koma tsopano akugwira ntchito ina. Poyamba ankangotamanda khalidwe lake, pano akutchula zinthu zimene zinali m'manja mwake, zomwe mwini golosale angathe kuchitira umboni atamuimbira foni. Ndinamuchenjezanso za kamawu kotsatira: *responsible for* amatsogolera ntchito kapena katundu amene ukuyang'anira, pamene *responsible to* amatsogolera munthu amene umapereka malipoti kwa iye. Ukasinthanitsa, ungathe kulemba kuti unkayang'anira abwana ako.

Nanga *conscientious*? Sindikunena kuti mawuwa ndi oletsedwa. Ngati chilengezo cha ntchito chawatchula pa makhalidwe amene akufunika, ndi nzeru kuwabwereza kamodzi, kuwakopera mosamala kuchokera m'chilengezomo, n'kuwatsatiza ndi chitsanzo. Koma mwa kuona kwanga, mawu amenewa amakoma akachokera pakamwa pa wina, monga m'kalata ya umboni yochokera kwa abwana ako akale kapena aphunzitsi aakulu. Chilengezo chimene mwana wa mlongo wanga ankayankha sichinawatchule, ndiye tinawasiya.

Popeza pepala loyamba linali ndi mipata ndi zofufuta, anatenga lina n'kukopera kalata yonse mwatsopano. Atamaliza ndinamuuza kuti aiwerenge chobwerera, kuyambira pa *Yours faithfully* kukwera mpaka pa keyala, mawu amodziamodzi, chala chili pansi pake. Ukamawerenga choncho mutu sutengeka ndi tanthauzo la chiganizo, ndipo diso limaona zilembo zimene zilipodi. Anapeza kuti pa *invoices* anasiya *i* wachiwiri, ndipo anayambanso pepala lachitatu.

Inu amene muli ndi kalata yotere m'chikwama, musanamate envulopu, iwerengeni chobwerera kamodzi kokha, ndipo mukafika pa mutu wa zilembo zazikulu uja muimepo kawiri.